Kodi mapuloteni awiriwa ndi pachibale? Mmene timawerengera E value mu BLAST

Wophunzira aliyense wa sayansi ya zamoyo akafika pa phunziro la bayoinfomatikisi, lomwe limagwiritsa ntchito kompyuta pofufuza za majini ndi mapuloteni, amakumana ndi ntchito yooneka ngati yosavuta. Mphunzitsi amamupatsa mndandanda wa zilembo zoimira puloteni ina, n'kumuuza kuti akauike mu BLAST, apeze mapuloteni ofanana nawo, kenako afotokoze tanthauzo la zimene wapeza. Mbali yoyambayo imatha pa mphindi zochepa, bola intaneti ikhale ikugwira. Pamene pagona nkhani ndi pa mbali yachiwiri, chifukwa pambali pa puloteni iliyonse imene yatuluka pamakhala nambala yolembedwa modabwitsa, monga `1e-24` kapena `0.002` kapena `2.0`, pansi pa mutu wakuti `E value`. Ambiri amangouzana kuti ikachepa ndiye kuti zili bwino, ikakula ndiye kuti palibe kanthu. Zimenezi si zabodza, koma ndi theka chabe la nkhani, ndipo theka linalo ndi limene limasiyanitsa munthu womvetsa ndi wongokopera zotuluka pa sikirini.

Tiyambe ndi zilembozo. Puloteni ndi mndandanda wa tizidutswa totchedwa maamino asidi, tolumikizana motsatizana. Maamino asidi odziwika alipo a mitundu 20, ndipo uliwonse uli ndi chilembo chake: W ndi tiriputofani, L ndi lusini, E ndi gulutamiki asidi, V ndi valini, ndi ena otero. Chitsanzo chimene tiyende nacho m'nkhani ino chili m'thupi mwathu momwemu. Himogulobini, puloteni imene imafiiritsa magazi ndi kunyamula mpweya wa okosijeni, ili ndi zigawo zinayi, ziwiri za mtundu wa alufa ndi ziwiri za mtundu wa beta. Chigawo cha beta cha munthu chinasungidwa m'nkhokwe ya UniProt pa nambala `P68871`, ndipo chili ndi zilembo 147. Wophunzira amachitenga chitalembedwa m'njira ya FASTA, pamene mzere woyamba umakhala dzina ndipo mizere yotsatira ndi zilembozo:

```
>P68871 HBB_HUMAN
MVHLTPEEKSAVTALWGKVNVDEVGGEALGRLLVVYPWTQRFFESFGDLS
TPDAVMGNPKVKAHGKKVLGAFSDGLAHLDNLKGTFATLSELHCDKLHVD
PENFRLLGNVLVCVLAHHFGKEFTPPVQAAYQKVVAGVANALAHKYH
```

Pulogalamu ya BLAST inatuluka mu 1990, ndipo amene anaikonza ndi Stephen Altschul, Warren Gish, Webb Miller, Eugene Myers ndi David Lipman. Lero aliyense angaigwiritse ntchito kwaulere pa tsamba la bungwe la NCBI la ku Bethesda, m'dziko la America. Pa mapuloteni timasankha `blastp`, kumata zilembo zathu m'bokosi, kusankha nkhokwe yoti tifufuzemo, n'kudina. Pa masitepe onsewa, kusankha nkhokwe ndi kumene ophunzira amakudutsa mothamanga kwambiri, chonsecho ndi kumene kumasintha yankho lonse, monga tionere kutsogoloku.

Chimene BLAST imachita ndi kundandalika mapuloteni awiri, ina pamwamba ina pansi, chilembo moyang'anizana ndi chilembo, n'kupereka mapointi pa malo aliwonse. Mapointiwo si ongoganizira. Amachokera pa tebulo lotchedwa BLOSUM62, limene Steven ndi Jorja Henikoff anatulutsa mu 1992 atawerengera mmene maamino asidi amalowerana m'malo m'mapuloteni odziwika kale kuti ndi apachibale. W akayang'anizana ndi W mnzake pamakhala mapointi 11, chifukwa tiriputofani sapezekapezeka, ndiye kukumana kwa awiri si chinthu chochitika wamba. L ndi L amangopeza 4, poti lusini ndi wochuluka m'mapuloteni ambiri. E akayang'anizana ndi D amapeza 2 ngakhale ndi osiyana, chifukwa onse ndi asidi ndipo nthawi zambiri wina amagwira ntchito m'malo mwa mnzake. Pamene maamino asidi osagwirizana akumana, mapointi amachotsedwa. Ndipo ngati pakufunika kusiya mpata mu mzere umodzi kuti zilembo zakutsogolo zigwirizane, BLAST imachotsa 11 potsegula mpatawo ndi 1 pa chilembo chilichonse cholumphidwa, kotero kuti mpata wa chilembo chimodzi umadya mapointi 12.

Tione kachigawo kakang'ono ka koyambirira kwa beta, titakaika pamwamba pa alufa:

```
Query  4   LTPEEKSAVTALWGKV  19
           L+P +K+ V A WGKV
Sbjct  3   LSPADKTNVKAAWGKV  18
```

Mzere wapakati ndi wofunika kuuwerenga modekha. Pamene pali chilembo, mapuloteni awiriwo ndi ofanana ndendende. Pamene pali `+`, ndi osiyana koma tebulo lawapatsa mapointi ndithu. Pamene pali pabwalo, sakugwirizana. Mukaphatikiza mapointi a malo 16 onsewa ndi pensulo mupeza 49, ndipo 26 mwa amenewa akuchokera pa zilembo zinayi zomalizazo, `WGKV`. Malo ngati amenewa ndi amene BLAST imayamba kusaka. Siyerekeza puloteni yanu ndi chilichonse cha m'nkhokwe kuyambira poyamba mpaka pomaliza, chifukwa ikanatero bwenzi tikudikira nthawi yaitali zedi. M'malo mwake imaduladula puloteni yanuyo m'timagulu ta zilembo zochepa, monga `WGK`, n'kusaka timagulu tomweto kapena tofanana nato, monga `WGR`. Ikapeza, imatambasula kundandalikako kumanja ndi kumanzere mpaka mapointi atayamba kutsika kwambiri, ndipo imaimira pomwepo. N'chifukwa chake imatha kukubweretserani kachigawo chabe ka puloteni, osati yonse.

Tsopano funso lenileni ndi ili: mapointi 49 ndi ambiri kapena ochepa? Zilembo 9 mwa 16 zafanana ndendende, komwe ndi kupitirira theka, ndipo maso amafulumira kukhutira. Koma nkhokwe zimene timafufuzamo ndi zazikulu kwambiri moti kufanana kwina kumangochitika mwangozi, popanda chibale chilichonse. Mukapita ku ukwati wa anthu makumi asanu n'kupezako munthu wa dzina lanu, mfunda wanu ndi tsiku lanu lobadwa, mungaime n'kufunsana za kwanu. Koma mukafufuza m'kaundula wa anthu a dziko lonse, kupeza wotero si chodabwitsa, makamaka ngati ndinu a Banda kapena a Phiri. Kufananako ndi komweko, chasintha ndi unyinji wa anthu amene mwafufuzamo. E value imayankha funso limeneli ndipo siyankha lina ayi. Imanena kuti m'nkhokwe yaikulu chonchi, ikanakhala kuti mulibe wachibale aliyense wa puloteni yanu, mukanayembekezera kupeza zofanana zingati zokhala ndi mapointi otere kapena oposa, mwangozi chabe.

Masamu ake anayalidwa ndi Samuel Karlin ndi Altschul, m'chaka chomwecho cha 1990, ndipo sakufuna zambiri kuti munthu awatsate. Choyamba BLAST imasintha mapointi aja kukhala mabiti, muyeso umene umalola kuyerekeza zotsatira ngakhale matebulo a mapointi atasiyana. Pa sikirini mumaona zonse ziwiri, mabiti poyamba kenako mapointi. Mabiti akapezeka, kawerengedwe kake ndi aka:

```
E = m × n / 2^S'
```

Apa `m` ndi kutalika kwa puloteni yanu, `n` ndi chiwerengero cha zilembo zonse za m'nkhokwe, ndipo `S'` ndi mabiti aja. Zinthu ziwiri zikuonekeratu. Biti imodzi ikawonjezeka, E imatsika ndi theka, ndipo mabiti 10 akawonjezeka imachepa pafupifupi ka 1,000. Koma nkhokwe ikakula ka 1,000, E nayonso imakula ka 1,000, ngakhale kuti pa mapuloteni awiriwo sipanasinthe chilembo ndi chimodzi chomwe.

Kachigawo kathu ka mapointi 49 kali ndi mabiti pafupifupi 23 ndi theka. Tikakaika m'nkhokwe ya Swiss-Prot, yomwe ili ndi mapuloteni opitirira theka la miliyoni ndi zilembo pafupifupi 200 miliyoni, E imatuluka yoposa 2,000. Ndiye kuti pakokha kachigawoko si umboni wa chilichonse, chifukwa mwangozi mokha mungapezeke zikwi zofanana nako. Chimene chimapatsa mphamvu chibale cha alufa ndi beta ndi chakuti kufananako kumapitirira mpaka kumapeto. Mapuloteni awiriwa akandandalikidwa onse athunthu, pafupifupi zilembo 43 pa 100 zilizonse zimafanana, ndipo mabiti amafika pafupifupi 114. Pamenepo E mu Swiss-Prot imakhala cha m'ma `1e-24`. Kalembedwe kameneka kamatanthauza 1 wogawidwa ndi nambala yokhala ndi maziro 24, ndipo tiyenera kunena poyera, poti ena amasokonezeka: `1e-24` ndi yaing'ono kutalitali kuposa `1e-5`. Apa ngozi ilibe malo. Alufa ndi beta anachokera ku jini imodzi yakalekale imene inadzibwereza.

Chitsanzo chimene ndimachikonda kwambiri pophunzitsa nkhaniyi ndi cha mayogulobini, puloteni imene imasunga okosijeni m'minofu ndipo ndi imene imafiiritsa nyama ya ng'ombe. Ya munthu ili ndi zilembo 154. Ikandandalikidwa ndi beta, pafupifupi chilembo chimodzi pa zinayi zilizonse ndi chimene chimafanana, ndipo mabiti amakhala pafupifupi 44. Nambala 2 ikachulukitsidwa yokha ka 44 imafika pafupifupi 18 thiriliyoni. Tigwire nambala imeneyi, tione mmene E ikusinthira.

Mukayerekeza mapuloteni awiri okhawo, posankha `Align two or more sequences`, nkhokwe yanu yonse ndi zilembo 154. Ndiye 147 kuchulukitsa ndi 154 ndi 22,638, ndipo tikagawa ndi 18 thiriliyoni tipeza pafupifupi `1e-09`. Wophunzira angalembe mosangalala kuti chibale chatsimikizika. Mnzake amene wafufuza mu Swiss-Prot achulukitsa 147 ndi 200 miliyoni, n'kupeza E ya pafupifupi 0.002, kutanthauza kuti pa kafukufuku 500 wa mtundu umenewu, kufanana kotere kungabwere mwangozi kamodzi. Umenewu ndi umboni wabwino ndithu koma suli kutali ndi malire. Wachitatu wasankha `nr`, nkhokwe yaikulu yosonkhanitsa mapuloteni ochokera kulikonse. Tiyerekeze kuti ili ndi zilembo 200 biliyoni, poti imakula tsiku ndi tsiku. E yake ikhala pafupifupi 2. Iyeyu mwina mayogulobini saiona n'komwe pa mndandanda wake, chifukwa tsamba la NCBI limabisa zotsatira za E yoposa malire olembedwa pa `Expect threshold`, omwe masiku ano amakhala 0.05 ngati simunawasinthe.

Ophunzira atatu, mapuloteni omwewo, kundandalika komweko, mabiti 44 omwewo, koma wina wapeza `1e-09`, wina 0.002, wina 2, ndipo palibe amene walakwitsa. Manambala amene mungaone pa sikirini yanu sadzafanana ndendende ndi awa, chifukwa BLAST imakonzanso masamuwo poganizira kutalika kwa mapuloteni ndi mitundu ya maamino asidi imene yachuluka mwa iwo, koma kayendedwe kake ndi komweka. Pa chifukwa chimenechi, E value yolembedwa mu lipoti popanda dzina la nkhokwe ndi tsiku limene munafufuza ndi nambala yosakwanira, ndipo mphunzitsi amene wachotsapo malikisi sanalakwe. Mukafuna kuyerekeza zotsatira zanu ndi za mnzanu amene anafufuza kwina, yerekezani mabiti, chifukwa iwo sadalira kukula kwa nkhokwe. Ngakhale kulemba `Homo sapiens` m'bokosi la `Organism` kumachepetsa malo ofufuzamo, ndipo E imatsika nawo.

Pali kulakwitsa kwina kofala, komwe ndi kulemba kuti E ndi mwayi woti mapuloteniwo si apachibale. Mwayi supitirira 1, pomwe E imatha kukhala 2, 10 kapena 2,000, chifukwa ndi chiwerengero cha zinthu zoyembekezeka. Manambala awiriwa amayandikana pokhapokha E ikakhala yaing'ono, kutsikira pa 0.01. Nanga `0.0` imene imaoneka pamwamba pa mindandanda ina? Si ziro weniweni, koma nambala yachepa kwambiri moti pulogalamu yangoilemba choncho. Zimachitika ndi mapuloteni aatali ofanana kwambiri. Puloteni yaifupi ngati beta, ngakhale itayerekezedwa ndi iyo yomwe, singapeze mabiti oposa pafupifupi 300, choncho `0.0` simudzamuona. Apa tikuphunzirapo kuti kutalika kwa puloteni nakonso kumakoka E, ndipo puloteni yaifupi imavutika kupeza E yaing'ono ngakhale chibale chili chenicheni.

Ofufuza ambiri amatenga E yochepera 0.001 ngati umboni wokwanira woti mapuloteni awiri anachokera ku kholo limodzi. Ndi chizolowezi chabwino, koma chimagwira mbali imodzi yokha. E yaing'ono imatsimikiza chibale, pomwe E yaikulu sikana chibale, imangonena kuti umboni wa zilembo wachepa. Mayogulobini ndi himogulobini ndi apachibale mosakayikitsa. John Kendrew ndi Max Perutz a ku Cambridge anaonetsa mmene mapuloteni awiriwa amapindikira, n'kulandira mphotho ya Nobel mu 1962, ndipo mapindidwewo anapezeka ofanana modabwitsa. Kapindidwe ka puloteni kamakhalitsa kuposa zilembo zake.

Wachibale wina wakutali ali m'minda yathu. Mukazula soya kapena nyemba zikukula bwino, n'kutswa kamodzi mwa timibulu ta pa mizu, mkati mwake mumaoneka mofiirira. Kufiirako ndi legihimogulobini, puloteni imene mbewuyo imapanga kuti igwire okosijeni, kuti asaononge ntchito ya mabakiteriya okoka nayitirojeni wa mu mpweya. Ndi ya banja limodzi ndi ya m'magazi athu, koma zilembo zofanana zatsala zochepa kwambiri moti `blastp` yoyambira pa beta ya munthu kawirikawiri imaipatsa E yosakhutiritsa, mwinanso osaipeza. Njira yoifikira ndi PSI-BLAST, imene inatuluka mu 1997. Iyo imatenga achibale otsimikizika a ulendo woyamba, n'kuona malo amene sasinthasintha m'banja lonselo, kenako n'kufufuzanso ikulemekeza kwambiri malo amenewo. Ngozi yake ndi yakuti puloteni yachilendo ikalowerera m'gulu la otsimikizikawo, ulendo wotsatira imakoka abale ake, ndipo ma E awo amaoneka okongola pomwe ndi abodza. Choncho wophunzira ayenera kuunika mayina a zonse zatsopano asanadine ulendo wina.

E yaing'ono nayonso ili ndi zimene singakuuzeni. Bwererani ku kachigawo kathu kaja, muone E woyamba, wotsatana ndi P. Mwa anthu odwala matenda a sikoselo, omwe ndi ofala m'maiko ambiri a mu Afirika kuphatikizapo kwathu kuno, pamalo amenewo pamakhala V. Vernon Ingram ndi amene anazindikira kusintha kwa chilembo chimodzichi m'zaka za 1956 ndi 1957. Pa tebulo la BLOSUM62, E ndi E amapeza 5, pomwe E ndi V amachotsetsa 2, ndiye kusiyana konse ndi mapointi 7 pa mapointi oposa 700. BLAST iona mapuloteni awiri ofanana 99 pa 100, ndipo E value siisuntha kwenikweni. Koma chilembo chimodzicho chimachititsa kuti himogulobini izimatana okosijeni akachepa, maselo ofiira n'kupindika, kutseka timitsempha ndi kubweretsa ululu woopsa. Chotero wophunzira akalemba kuti E ndi yaing'ono, ndiye mapuloteniwa amagwira ntchito mofanana, walumpha sitepe. E yamuuza za kholo limodzi basi. Za ntchito ayenera kutsika pansi pa tsamba, kuona kundandalika kwenikweniko ndi kufufuza ngati malo ofunika ali bwinobwino.

Danga la `Query Cover` limathandiza pa zomwezi. Limasonyeza kuti ndi gawo lalikulu bwanji la puloteni yanu limene lalowa m'kundandalikako. Mapuloteni ambiri aakulu ali ndi zigawo zingapo, chilichonse ndi ntchito yake, ndipo awiri angagawane chigawo chimodzi chokha. Mukaona E ya `1e-30` koma `Query Cover` ili 15 pa 100, chibale chili pa kachigawo kokhako, ndipo si bwino kutenga dzina la puloteni inayo n'kupatsa yanu yonse.

Nthawi zina E yokhayo imanama, ndipo amene amafufuza za malungo amadziwa bwino zimenezi. Masamu a Karlin ndi Altschul amaganiza kuti maamino asidi a m'puloteni ndi osakanikirana bwino. Koma mapuloteni ambiri a kachilombo ka Plasmodium falciparum ali ndi mizere yaitali ya asiparajini, chilembo N chobwerezabwereza kambirimbiri. Mzere wotere ukakumana ndi mzere wa N wa puloteni ina iliyonse, mapointi amaunjikana msanga ndipo E imatsika, chonsecho palibe chibale. Kuzindikira kwake n'kosavuta ngati munthu wayang'ana: mzere wapakati umadzaza ndi chilembo chimodzi kapena ziwiri, ndipo mapuloteni otulukawo amakhala a ntchito zosagwirizana n'komwe. Mankhwala ake ndi kutsegula `Algorithm parameters` n'kuchonga `Low complexity regions`, kuti zigawo zoterozo ziphimbidwe. Amene akugwiritsa ntchito BLAST pa kompyuta yawo angalembe motere:

```
blastp -query HBB.fasta -db swissprot -evalue 10 -seg yes -out zotsatira.txt
```

Ndaika dala `-evalue 10` kuti zotsatira zofooka nazonso zioneke. Kwa wophunzira, kumunsi kwa mndandanda ndi kumene kuli phunziro lalikulu, pamene achibale enieni akutali amayamba kusakanikirana ndi zongofanana mwangozi. Pamwamba pamangodzaza beta ya anyani ndi nyama zina zoyamwitsa, ndipo mu `nr` malo 100 amene tsamba limaonetsa poyamba amatha onse musanaone ngakhale alufa, pokhapokha mutakweza `Max target sequences`. N'chifukwa chake pa ntchito ya m'kalasi Swiss-Prot imaposa `nr`: ndi yaing'ono, zolembedwa zake zinaunikidwa ndi anthu, ndipo mayina ake ndi odalirika.

Mukakumana ndi puloteni ya E yokayikitsa, tinene pakati pa 0.001 ndi 1, musathamangire kuivomera kapena kuitaya. Itengeni iyoyo muifufuze payokha m'nkhokwe yomweyo, muone ngati ikubweretsa achibale a puloteni yanu ndi ma E abwino. Mayogulobini ikafufuzidwa motere imakoka magulobini ena ambiri, ndipo ena mwa iwo amapezekanso pa mndandanda wa beta ndi umboni wamphamvu. Chongofanana mwangozi chimakutengerani ku banja lina losakhudzana ndi magazi kapena okosijeni. Zimene mwapezazo zilembeni mu lipoti pamodzi ndi dzina la nkhokwe, tsiku, tebulo la mapointi, mabiti, `Query Cover` ndi kundandalika kumene mwaona ndi maso anu, kuti wowerenga athe kubwereza kafukufukuyo ndi kumvetsa chifukwa chake E yake ingasiyane ndi yanu.